Kulembanso uthenga wodzudzula mnzanu pagulu la kuntchito

Moni nonse amene mukumvera. Lero titenge uthenga umodzi wokha, wa mtundu umene umapezeka kawirikawiri pa gulu la WhatsApp la kuntchito, ndipo tiulembenso pamodzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina watumiza pagulupo lipoti la maphunziro, ndipo pa tsamba 3 walemba kuti kunabwera anthu 54, pamene m'kaundula anasaina ndi anthu 45. Mnzake akuyankha pomwepo, abwana akuona: "Lipotili ndi lolakwika. Kodi simuwerenga musanatumize? Aka si koyamba." Taonani kuti m'mawu onsewa mulibe tsamba, mulibenso nambala yolondola, choncho mayiyo wachita manyazi koma sakudziwabe pamene akonze.

Mukafuna kulembanso, yambani ndi kusiya kulemba pagulupo n'kutsegula nambala ya munthuyo payekha. Kenako fufutani funso lija, chifukwa silikufuna yankho, likungonyoza. Fufutaninso mawu akuti "aka si koyamba". Ngati zolakwazo zimabwerezabwerezadi, imeneyo ndi nkhani yokambirana pamaso mutakhala pansi, ndipo kuiphatikiza apa kumachititsa munthu kuyamba kudziteteza m'malo motsegula lipotilo.

Chotsala ndi kutchula malo enieni, zimene mwaona, ndi kumene mwazitenga. Mungalembe motere: "Mwaswera bwanji, Mayi? Ndimawerenga lipoti lija, ndipo pa tsamba 3 pali anthu 54, koma kaundula amene ndili naye akusonyeza 45. Mwina manambala anangosinthana polemba, kapena pali kaundula wina amene sindinamuone. Chonde taonaninso abwana asanalitumize mawa m'mawa. Ndakutumizirani chithunzi cha kaundulayo."

Mawu akuti "kaundula wina amene sindinamuone" musawaone ngati ulemu chabe. N'zotheka ndithu kuti anthu ena anasaina pa pepala lachiwiri, ndiye kuti wolakwa ndinu, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi muli awiri. Akavomera kuti analakwitsa, asiyeni atumize okha pagulu lipoti lokonzedwalo, inu osalembapo kuti ndinu amene munaona cholakwacho.

Pali nthawi imodzi imene simungadikire, ndiyo pamene cholakwacho chisocheretse anthu lero lomwe, monga ngati walemba ola lolakwika la msonkhano. Zikatero muimbireni foni kaye, ndipo akapanda kuyankha, lembani pagulu ola lolondola lokha, osatchula dzina lake.

Nanga ngati uthenga waukali uja munautumiza kale? Gwiritsani ntchito Delete for everyone mwamsanga, komabe dziwani kuti pamatsala chizindikiro chakuti pafufutidwa uthenga, ndipo ena angakhale atawerenga kale. Popeza munamuchititsa manyazi pagulu, mupepese pagulu pomwepo ndi chiganizo chimodzi chachifupi, kenako nkhani ya tsamba 3 mukaimalizire kumbali.