Dzina lomwe lili pa inshuwaransi yanu ndi la ndani?

Zikomo agulupu, zikomo amfumu, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu. Amayi kumbuyoko senderani kuno, mphepo ya kunyanja ikuba mawu.

Ambiri mwamva za mphunzitsi uja wa ku mbali ya Namwera amene tinamuika mwezi wathawu. Dzina sinditchula, a kubanja akadali pachisoni. Anatenga inshuwaransi ya moyo atangoyamba ntchito, asanakwatire. Pamalo polemba wodzalandira ndalama analembapo mchimwene wake, ndipo panalibe cholakwa, chifukwa ndi amene anamulera. Kenaka anakwatira, ana awiri. Atamwalira, mkazi anapita ku kampani atanyamula setifiketi ya ukwati, ana kumbuyo. Anamuuza mwaulemu kuti mayi pepani, dzina lanu mulibe m'buku lathu. Posankha zovala za malemu anapeza kalata yosintha dzina m'sutikesi, yolembedwa bwino, yosainidwa, koma yosatumizidwa.

Ndiye imvani bwino. Ukwati susintha dzina pa inshuwaransi. Kaya munamanga kutchalitchi, kaya kumzikiti pamaso pa ashehe, kaya chinkhoswe cha pamudzi ankhoswe onse alipo, kampani ili ku Blantyre siinadye nawo mpunga wa tsikulo. Siikudziwa. Imalipira dzina lomwe lili pa pepala lake. Ndibwerezenso: ukwati susintha dzina, chimasintha dzina ndi kalata yanu ikafika kwa iwo inu muli moyo.

Ndipo abambo, ndikudzudzuleni pang'ono. Enjini ya boti ikayamba kutsokomola mumathamanga nayo kwa makaniki tsiku lomwelo. Koma nkhani iyi mumati kulemba za imfa n'kudziitanira maliro. Enanu munapita ku Joni, zaka zikutha, ndalama ya inshuwaransi ikudulidwa ku banki mwezi ndi mwezi, dzina lili pamenepo ndi la chibwenzi cha kale chomwe chinakwatiwa ku Monkey Bay. Musaseke, izi ndaziona ndi maso angawa, ndipo amene analira ndi mkazi wa m'nyumba.

Kalatayo si yaitali, tsamba limodzi lakwana. Pamwamba adiresi yanu, nambala ya foni ndi tsiku. Tsikulo musaliiwale, chifukwa makalata akakhala awiri amatsata lomaliza. Kenaka dzina la kampani ndi adiresi yake, monga zalembedwera pa chikalata chanu cha inshuwaransi. Mutu wa kalata ukhale: pempho losintha wodzalandira ndalama, n'kuikapo nambala ya inshuwaransi yanu. Nambalayo ikoperani pa chikalata, osati pamtima. Ku Mangochi kuno anthu ofanana mayina ndi ambiri, nambala ndi imene imakusiyanitsani.

M'katimo mumanena zinthu mwachindunji: "Ine, mwini wa inshuwaransi nambala yakuti, ndikufafaniza mayina onse omwe ndinalembetsa kale ngati odzalandira ndalama. M'malo mwake ndikuika uje, mkazi wanga, wobadwa tsiku lakuti, nambala ya chiphaso cha unzika yakuti, adzalandire 100 peresenti. Chonde ndiyankheni polemba kuti mwasintha." Mawu ofafaniza akale aja ndi ofunika. Mukangoti "ndikuika mkazi wanga," wowerenga sadziwa ngati mukuwonjezera kapena mukuchotsa wakale. Komanso musalembe "mkazi wanga" kapena "amake mwana" opanda dzina. Lembani dzina lonse monga liliri pa chiphaso cha NRB. Ngati mayiwo akudziwika ndi dzina la bambo kunyumba koma chiphaso chikadali ndi la kwawo, lembani la pachiphaso, chifukwa tsiku lokatenga ndalama adzaonetsa chomwecho.

(Bambo wina akufunsa: "Pepani, ine ndili ndi akazi awiri, komanso amayi anga ali moyo ndipo dzina lilipo ndi lawo. Ndiye ndiwachotse amayi ondibala?")

Ayi bambo, khalani pansi, funso lanu ndi la anthu ambiri pano. Palibe akukuuzani kuti muchotse amayi. Mutha kulemba anthu angapo, aliyense ndi gawo lake. Tiyerekeze kuti inshuwaransi yanu ndi ya K10,000,000. Mungalembe kuti amayi 20 peresenti, ndiye K2,000,000. Mkazi wamkulu 40, wamng'ono 40, ndiye K4,000,000 aliyense. Mukaphatikiza zikwane 100 ndendende. Zikakwana 90 kapena 110 kalata ibwerera. Ndipo lembani maperesenti, osati makwacha, chifukwa ndalama yodzatuluka itha kusiyana ndi yomwe mukuiwerengera lero, monga ngati munabwerekapo ngongole.

Magawidwe ake ndi anu. Ngati mukufuna kutsata magawidwe a Chisilamu, khalani pansi ndi ashehe akuwerengereni, koma mukatha zilembeni m'kalata, chifukwa kampani siifunsa ashehe kapena mwinimbumba. Ine ndimalimbikitsa kuti muwauze amayi ndi akazi anuwo muli moyo. Kuno kwathu abale a kwa amayi ake a mwamuna ali ndi mawu, ndipo akadzangomva pamaliro kuti dzina linasintha, amene amanenedwa kuti anadyetsa mwamuna mankhwala ndi mkazi wamasiye.

Ganiziraninso izi: amayi ndi achikulire, atha kutsogola ndi iwo. Lembani kuti gawo lawo lidzapite kwa ndani zikatero. Mukapanda kutero, gawolo litha kulowa m'chuma cha masiye n'kumayendera lamulo la 2011 lija la chuma cha omwalira, ndipo njira imeneyo ndi yaitali. Mukafuna kulemba ana osakwana zaka 18, kampani siingapereke ndalama m'manja mwa mwana. Funsani kuti mulembe bwanji munthu wamkulu wowasungira, ndipo sankhani woti mumamudalira, osati wongoti ndi malume.

Ndaona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, nthawi yophika yakwana, ndithamange. Sainani nokha, siginecha yomwe ija munasaina potenga inshuwaransi. Amene angasinthe dzina ndi mwini inshuwaransi yekha, mkazi sangalembere mwamuna wake ali ku Joni. Ngati mumadinda chala, kadindeni pamaso pa mboni, ndipo mboniyo isakhale mmodzi wa odzalandira. Phatikizani fotokope ya chiphaso chanu, cha amene mukumuikayo ndi setifiketi ya ukwati. Makampani ambiri ali ndi fomu yawoyawo, ifunseni, mudzaze, ipite limodzi ndi kalata. Ngati inshuwaransi munaikitsa chikole ku banki, dziwani kuti banki idzayamba kutenga zake. Ya kuntchito imadzera kwa abwana oona za antchito, ndipo penshoni ili ndi fomu yake ndi malamulo ake, kalata iyi siikhudza kumeneko.

Popereka, tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo ndi tsiku, mubwere nayo kunyumba. Kungouza ejenti pakamwa mutakumana pa depoti si kusintha dzina. Ukatha mwezi osalandira chikalata chosonyeza dzina latsopano, imbani foni, pitaniko. Akamakuzungulitsani, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, ndi imene imayang'anira makampani a inshuwaransi. Chikalatacho chikabwera werengani dzina chilembo ndi chilembo, ndipo muwaonetse akazi anu pomwe mwachisunga.

Amene mwabwera ndi zikalata zanu tsalani pansi pa mtengo wa mangowo, tiziona mmodzimmodzi. Ena nonse zikomo, muyende bwino.