Chuku pa jamu: kupala pamwamba n'kokwanira?

Moni nonse! Mwatsegula botolo la jamu, ndipo pamwamba pali kadontho kaubweya, koyera m'mbali, kobiriwira pakati. Dzanja lathamangira kale ku supuni. Dikirani kaye.

Choyamba, mwachangu: chabwera bwanji? Timbewu ta chuku timauluka mumpweya. Shuga wochuluka wa mu jamu amatilepheretsa kumera, koma timadzi ta pachivindikiro tikadonthera pamwamba, kapena mpeni ukasiyamo nyenyeswa za buledi, tapeza poyambira. Basi.

Chachiwiri, ndipo apa mpomwe ndimapsera mtima: "Ingopalani pamwambapo, pansipo mpabwino." Ayi! Taonani botolo ili, ndiliyandikitse ku kamera. Ubweya mukuonawu ndi gawo lobala mbewu chabe. Pansi pake pali timaulusi tosaoneka ndi maso, tolowerera ngati mizu, ndipo m'chinthu chofewa chonchi palibe chotitchinga. Mitundu ina ya chuku imatulutsanso poizoni, monga patulini amene amapezeka m'zipatso zowola, maapozi makamaka. Poizoniyo amasungunuka n'kufalikira kupitirira pamene pali kadonthopo. Supuni yanu idzadziwa bwanji pamene walekezera?

Ndikudziwa, wina akulemba kale kuti, "Ine ndakhala ndikupala zaka zonsezi, sindinadwalepo." Ndakumvani, achimwene. Si chuku chilichonse chili ndi poizoni, n'zoona. Koma pongoyang'ana simungasiyanitse choopsa ndi chosaopsa, ndipo poizoni wotere sikuti nthawi zonse amakugwetsani tsiku lomwelo.

"Nanga ndikawiritsa?" Moto umapha chuku chenichenicho, koma patulini satheratu ndi kuwiritsa. Mwangowononga nthawi.

Mwina munamva za tchizi. Inde, tchizi cholimba mutha kudula masentimita 2.5 kuzungulira pamene pachita chuku n'kudya chotsalacho, chifukwa timaulusi timavutika kulowa m'chinthu chouma ndi chothinana. Jamu si tchizi. Nkhani ya tchiziyo ili m'vidiyo ya sabata yatha, ndipo ngati simunadine Subscribe, dinani pano ndikuona.

Chachitatu, sosi wa tomato. Uyu ndiye musayese n'komwe. Madzi ndi ambiri, ndipo chimene chimamuteteza ndi kuwawasa kwake. Chuku chikamakula chimachepetsa kuwawasako, mpaka mabakiteriya amene sakanatha kukhalamo amayamba kuswana. Osanunkhiza, osalawa. Tsekani botolo, tayani.

Chachinayi, kupewa chuku: supuni youma, yotsuka, ulendo uliwonse. Mpeni umene wakhudza batala usalowemo.

Chachisanu, mukatsegula, firiji, ndipo izizizira madigiri 5 kapena kutsika. Firiji imangochedwetsa chuku, sichipha, ndiye sosi amene mukuona kuti simumutha m'masiku ochepa mugaweni m'timakontena, kulowetsa mufiriza.

Tandiuzani pansipa, botolo lakale kwambiri mufiriji mwanu latha miyezi ingati? Langali ndi lija ndinabisa kuseri kwa mazira, ndipo likupita kudzala pompano.