Kugulitsa puti uli ndi ndalama yonse m'manja: momwe ena amagulira masheya motchipa ku msika wa ku America

Chabwino abale, tiyeni tikhale pansi tiyambepo, tiyi tidzapitiriza pambuyo. Mwezi watha tinakamba zogula masheya mwachindunji, lero ndikufuna tione njira ina yomwe ambiri a inu mwaiona pa apu ya buloka wanu koma mumangoidutsa. Ndineneretu kuti izi ndi za msika wa kuno ku America. Ku Malawi Stock Exchange kulibe ma opushoni, gulu la mapangano lomwe puti ilimo, ndiye musakaimbire achimwene ku Blantyre kuti akagulitse puti pa masheya a banki, akakuyesani mwazungulira mutu.

Puti ndi pangano basi. Amene wagula puti ali ndi ufulu wogulitsa masheya 100 a kampani yakutiyakuti pa mtengo womwe mwagwirizana, umene amautcha sitiraiki, tsiku lomwe mwaika lisanadutse. Inu amene mwagulitsa putiyo mwalonjeza kuti akafuna kugulitsa, mugula, zivute zitani. Ndiye poti mwamangidwa ndi lonjezolo, iye amakulipirani kandalama pompopompo, ndiko kamene timati pulimiyamu. Zili ngati mlimi wabwera mu Febuluwale nkuti, aphiri, ndilonjezeni kuti pokolola mudzandigula thumba pa mtengo wakuti, nayi kangachepe ka lonjezolo. Chimanga chikadzadula akagulitsa kwina ndipo simudzamuonanso, chikadzagwa mtengo mudzamuona m'mamawa ali pakhomo panu ndi ngolo.

Tsopano mbali yoti uli ndi ndalama yonse m'manja ndiyo mutu wa nkhani. Musanagulitse puti, ndalama yogulira masheya 100 onsewo imakhala ili kale mu akaunti ndipo buloka amaitsekera, simungaigwiritse ntchito ina mpaka panganolo litatha. Palibe ngongole apa. Ena amagulitsa puti ndi ndalama yobwereka kwa buloka, imeneyo ndi nkhani ina ndipo sindikuphunzitsani imeneyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndi ongopeka kuti timvane. Pali kampani yomwe mwakhala mukuitsatira, mwawerenga malipoti ake, mumaifuna, koma sheya imodzi ili pa madola 50 ndipo inu mtima ukuti ayi, pa 45 ndingagule, pa 50 yadula. Mutsegule apu, mupite pa mndandanda wa ma opushoni, musankhe tsiku lothera la masabata asanu ndi limodzi kutsogoloku, mupeze mzere wa puti ya sitiraiki 45. Tinene kuti yalembedwa 1.20. Apa ndi pomwe atsopano amasokonezeka, 1.20 imeneyo ndi ya sheya imodzi, pomwe kontirakiti imodzi ndi masheya 100, ndiye mulandira madola 120. Batani lake limalembedwa Sell to Open. Mukadina, 120 ilowa mu akaunti, ndipo buloka atsekera 4,500, ena amachotsapo 120 ija nkutsekera 4,380. Pali kandalama ka buloka, ambiri ndi masenti 65 pa kontirakiti, tikasiye kaye.

Chinthu chimodzi pa sikirini pomwepo: muona mitengo iwiri, Bid womwe ogula akufuna kulipira ndi Ask womwe ogulitsa akufuna kulandira. Ikakhala yoyandikana, monga 1.18 ndi 1.22, ndiye kuti pali anthu ambiri akugulitsana. Koma mukaona 0.80 ndi 1.60, samalani, msika umenewo ndi wopanda anthu ndipo mukadzafuna kutuluka adzakudyerani masuku pamutu. Nthawi zonse lembani nokha mtengo womwe mukufuna, musangovomera uliwonse.

Ndiye tsiku lafika, nthawi zambiri limakhala Lachisanu, msika watseka 4 koloko madzulo nthawi ya ku New York. Sheya ikakhala pa 48, palibe wamisala amene angakugulitseni pa 45 chinthu choti pamsika angapeze 48. Puti yafa, 120 ndi yanu, 4,500 yamasulidwa. Ndi phindu la pafupifupi 2.7 peresenti m'masabata asanu ndi limodzi, koma masheya mulibe. Ikakhala pa 44, mukadzatsegula apu kumapeto kwa sabata kapena Lolemba mudzapeza 4,500 yapita ndipo masheya 100 alowa. Palibe amene amakufunsani kuti kodi mukufunabe, bungwe la OCC lomwe limayendetsa mapanganowa lili ndi lamulo loti ikangotsika ndi senti imodzi yokha pansi pa sitiraiki, pangano limachitika lokha pokhapokha mwini puti atakana. Mwagula pa 45 koma munalandira kale 1.20, ndiye mtengo wanu weniweni ndi 43.80. Chinthu chomwe chinali pa 50 mwachitenga pa 43.80, apa ndiye pomwe anthu amaikondera njirayi.

Eee, amayi kumbuyoko, funsani.

Amayi akufunsa kuti nanga ikagwa kwambiri? Mwandiyambirira, ndi komwe ndimapita. Tinene kampani yalengeza kuti malonda sanayende, kapena yatengeredwa kukhoti, sheya yagwa mpaka 30. Inu mugulabe pa 45. Mulipira 4,500 pa katundu woti pamsika ndi 3,000, kuchotsapo 120 ija, mwaluza 1,380 tsiku loyamba lomwelo. Inde, mnzanu amene anagula pa 50 waluza 2,000, inu zanu zachepako, koma zimenezo sizitonthoza mtima mukamayang'ana akaunti. Ndipo kampani itagweratu mpaka ziro, 4,380 yonse yapita. Ndiye muone bwino kusiyana kwake, chomwe mungapindule pa putiyo sichingapose 120, chomwe mungaluze chimafika 4,380. Ndichifukwa chake ine ndimati funso loyamba si lakuti pulimiyamu ndi zingati, funso ndi lakuti kampaniyi ndingaisunge zaka zingapo nditaigula pa 45, ngakhale mawa lake itakhala pa 30? Mukamachita chibwibwi poyankha, isiyeni.

Palinso kuluza kwina komwe sikuoneka mu akaunti. Sheya ija yathawa, yakwera mpaka 60. Inu muli ndi 120 yanu, mnzanu amene anangogula pa 50 ali ndi 1,000. Ndipo mwina pa 45 siidzabweranso. Ngati kampani mukuikhulupirira kwambiri moti kuiphonya kungakupwetekeni, ingogulani, osazungulira. Komanso nthawi yonse yomwe mukudikirayo simuli mwini masheya, ndiye dividendi, phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, ikatuluka inu simulandira kanthu.

Wina anandifunsa panja paja kuti bwanji osangoika oda yoti ikafika pa 45 igule yokha, ija imalembedwa Limit. Funso labwino zedi, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi, kungoti china amakulipira. Ayi. Oda ija mutha kuifufuta nthawi iliyonse kwaulere, mwamva mbiri yoipa usiku, m'mawa msika usanatsegule mwaichotsa, nkhani yatha. Ndipo ngakhale mutaiwala, sheya ikatsegula pa 38 oda yanu igula pa 38 kapena chapompo, osati pa 45. Puti siitero, inu ndi 45 basi. Kwinaku, tinene sabata yachiwiri sheya yatsika mpaka 44 kwa masiku awiri kenako nkukweranso kufika 52 tsiku lothera lisanakwane. Wa oda uja wagula pa 45 ndipo akumwetulira. Inu a puti mwina simunapatsidwe kalikonse, chifukwa mwini puti nthawi zambiri sathamangira kugwiritsa ntchito ufulu wake masiku akadalipo ambiri, kumamupindulira kungogulitsa putiyo kwa wina. Ndiye mtengo womwe mumaufuna unabwera, unadutsa, inu masheya mulibe. Puti imakupatsani masheya makamaka pamene mtengo wagwa nkukhala pansi pomwepo, ndipo nthawi zambiri pamakhala chifukwa chomwe wakhalira pansipo.

Ndati nthawi zambiri, sindinati nthawi zonse. Ma opushoni a masheya a makampani kuno mwini wake atha kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndiye sheya ikamira kwambiri mutha kudzuka Lachitatu nkupeza masheya alowa kale. Kwa munthu amene ndalama yake ili chikhalire palibe chodetsa nkhawa, mumayenera kugula ndithu, angofulumira.

Njirayi si yachilendo ayi. Ma puti anayamba kugulitsidwa pa msika wa ma opushoni wa ku Chicago mu 1977, patapita zaka zinayi msikawo utatsegulidwa. Ndipo mu 1993 Warren Buffett anachita zomwezi pa Coca-Cola, sheya ili chapafupi ndi madola 39 iye akuifuna pa 35. Anagulitsa ma puti a masheya 5 miliyoni nalandira madola 7.5 miliyoni, sheyayo sinatsike mpaka pamenepo, anangotsala ndi ndalamayo. Koma muone, Coca-Cola anali nayo kale yambiri, amaidziwa, ndipo ndalama yogulira anali nayo.

Chomwe chimagwetsa anthu athu ambiri ndi dyera la pulimiyamu. Munthu akuyenda pa mndandanda uja waona kampani ina ya pa 50 yomweyo, sitiraiki 45 yomweyo, koma ikulipira 4.00 m'malo mwa 1.20, basi mtima dyokodyoko. Msika si wopusa abale. Ikamalipira chonchi ndiye kuti anthu akuyembekeza kuti mtengo ugwedezeka kwambiri, mwina lipoti la miyezi itatu likutuluka sabata yamawa, mwina ndi kampani ya mankhwala yomwe ikudikira chilolezo cha boma. Ndiye musanadine yang'anani tsiku lomwe lipoti likutuluka, likakhala mkati mwa masabata anu aja dziwani kuti mukulipiridwa chifukwa cha chimenecho. China, musagulitse makontirakiti atatu poti 360 ikumveka bwino kuposa 120. Atatu ndi madola 13,500 pa kampani imodzi, ena a ife pano ndi ndalama ya mashifiti a miyezi ingapo.

Achimwene apa akuti kodi ukalowa sungatuluke? Mutha kutuluka, koma polipira. Mumagulanso puti yomweyo, batani lake ndi Buy to Close, pa mtengo wa tsikulo. Ngati masabata anayi adutsa sheya ili phee pa 51, putiyo mwina yatsika kufika 0.30, mulipira 30, mutsala ndi 90, ndipo 4,500 yanu yamasuka msanga. Koma ngati sheya yagwa kufika 40, putiyo siingachepere 5.00, ndiye kutuluka ndi madola 500 kapena kuposa pa chinthu chomwe munalandirapo 120. Mudzamvanso ena akuti ingoisunthira mwezi wamawa. Kusunthako ndi kutseka iyi moluza nkutsegula ina, kuluzako sikunafufutike, ndipo ndalama yanu yatsekeredwanso mwezi wina.

Za msonkho mwachidule, puti ikafa yokha 120 ija imawerengedwa ngati phindu la nthawi yochepa chaka chomwecho, koma mukapatsidwa masheya imangotsitsa mtengo wogulira kukhala 43.80 ndipo msonkho udzabwera podzagulitsa. Komanso buloka sangokulolani, pali fomu yofunsa za ndalama zanu ndi zomwe mukudziwa, muiyankhe moona. Amene muli ndi mafoni tsegulani mndandanda wa kampani iliyonse yomwe mumaidziwa, osadina chilichonse chonde, ndizungulira tebulo lililonse tipeze limodzi pomwe pali sitiraiki ndi pomwe pali Bid.