Zoyera za m'ketulo ndi funso la makina ofewetsa madzi

Zikomo amfumu, zikomo akomiti ya madzi, amayi ndi abambo nonse. Akumbuyo mukundimva? Chabwino.

Nkhani mwandiitanira ndi ya zoyera zomwe zikumata pansi pa ketulo ngati nkhoko, ndi makina amene ena akukutsatsani kuti mugule. Ndiyambe ndi kunena kuti kuno ku Mulanje vutoli si la aliyense. Madzi otsika m'phiri, monga a Likhubula kapena a Lichenya, ndi amvula amene angoyenda pathanthwe, satenga zambiri m'njira. Sopo amachita thovu msanga. Amene mumamwa a m'mipope yochokera kuphiri, ndalama yanu sungani. Amene mumatunga pamjigo kapena munakumbitsa chitsime chakuya kuchigwa kuno, ndinu ndikulankhula nanu, chifukwa madzi okhalitsa pansi amasungunula kashiamu ndi maginiziyamu wa m'miyala. Ndipo mijigo iwiri ya mudzi umodzi ikhoza kusiyana.

Madzi amenewa akakhala ozizira saonetsa kanthu. Mukawatenthetsa m'pamene kashiamu uja amatuluka n'kuuma pachitsulo, kukhala layimu. N'chifukwa chake mumamupeza m'ketulo, pa elementi ya giza ndi m'tizibowo ta shawa, koma m'ndowa ya madzi akumwa mulibe.

Musanaganize zogula chilichonse, tsimikizani kuti ndi layimudi. Palani pang'ono zoyerazo, muike pambale, mudonthezere viniga kapena madzi a mandimu. Zikayamba kuchita thovu n'kumalira kuti tswii, ndi layimu. Ngati madzi anu akufiiritsa ndowa ndi zovala, chimenecho ndi chitsulo, nkhani ina. Ngati akumveka mchere pakamwa monga a mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje, imeneyonso ndi nkhani ina, ndipo makina ofewetsa sachotsa mchere, amachita kuwonjezera.

Kuyesa kwina n'kwa mabotolo awiri. Limodzi thirani madzi amvula kufika theka, linalo a pamjigo. Palirani sopo wochapira wolimba uja mofanana m'mabotolo onse, osati waufa ayi, waufa amachita thovu paliponse ndiye akunamizani. Khutchumulani. La madzi amvula thovu lidzadza. Linalo likangoyera ngati mkaka wosungunula, thovu lochepa, tinyenyeswa tikuyandama, madzi anu ndi olimba. Koma nambala yeniyeni imachokera kopima madzi. A ofesi ya zamadzi kuboma akhoza kukulozerani. Amawerenga mamiligalamu a layimu pa lita imodzi. Osafika 60 ndi madzi ofewa, kupitirira 120 ndi olimba, kupitirira 180 ndi olimba kwambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limanena kuti layimu amayamba kumata m'mapaipi ndi m'zotenthetsera madzi akapitirira cha m'ma 200, ndipo silinaike malire oti madzi olimba amadwalitsa. Kumwa, imwani ndithu.

Tsono makinawo. M'kati mwake muli timikanda tating'ono ta pulasitiki, thanki yodzadza. Madzi akamadutsa, timikandato timagwira kashiamu n'kutulutsa sodiyamu, yemwe amapezeka mu mchere, m'malo mwake. Tikakhuta, timayenera kutsukidwa ndi madzi amchere wambiri, ndipo zotsukazo zimatayidwa. Ndiye kuti mukagula makina, mwalowanso pangano logula mchere mpaka kalekale.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti banja la anthu 6 lili ndi madzi m'nyumba, likugwiritsa malita 400 patsiku, ndipo opima apeza 300. Malita 400 kuchulukitsa ndi mamiligalamu 300, akutipatsa magalamu 120 a layimu patsiku. Pamwezi ndi makilogalamu 3.6. Kuti muchotse kilogalamu imodzi ya layimu, makina ambiri a m'nyumba amadya mchere makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu. Ndiye banja limeneli lizigula mchere cha m'ma kilogalamu 10 mwezi ndi mwezi. Osati wa phulusa ndi mchenga woyeza pa kapu kumsika uja, umatseka makina, koma woyera bwino. Funsani mtengo wake, muchulukitse ndi miyezi 12, muwonjezere transipoti ya ku Limbe ngati pafupi sukupezeka. Nambala mupezeyo muiike pambali pa mtengo wa elementi ya giza imodzi. Kwa mabanja ambiri, masamu amathera pomwepo.

Pali china chimene otsatsa sakonda kutchula: mphamvu ya madzi. Mphamvuyi amaiyeza ndi muyezo wotchedwa bala. Makina ambiri amafuna kuti madzi azilowa ndi mphamvu ya bala imodzi ndi theka kapena kuposa kuti adzitsuke bwino. Thanki ikakwera mamita 10 m'pamene imapereka bala imodzi. Thanki zathu zapanyumbazi zimakhala pa mamita 5 kapena 6, ndiye kuti theka la bala basi. Mufunikanso pampu yokankha, pampuyo ifuna magetsi, ndipo za magetsi nonse mukudziwa. Makina osatsukidwa bwino amangokhala pakhoma, madzi akudutsa ali olimba chomwecho. Mudzadziwira sopo: thovu lija lasiya, mchere m'thanki yake sukutsika.

Ee, mayi uko mwakweza dzanja.

"Zikomo achimwene. Amuna anga ali ndi bipi. Madzi amenewo angamwe?"

Mwafunsa bwino, mayi. Pa mamiligalamu 100 aliwonse a layimu amene achotsedwa, m'madzi mumalowa 46 a sodiyamu. Pa banja lathu lija la 300, ndi 138 pa lita iliyonse. Samveka pakamwa, koma kwa munthu amene achipatala anamuuza kuti achepetse mchere, kapena posungunulira mkaka wa khanda, si abwino. Amene aika makina, auzeni apulambala asiye mpope umodzi wa kukhitchini wosadutsa m'makinamo. Mpope wa kudimba nawonso usadutsemo, sodiyamu amaumitsa dothi, ndipo madzi otsukira timikanda aja asamatayikire pa nthochi kapena pafupi ndi chitsime. Ndiwonjezerenso apa: makinawa sapha tizilombo. Nthawi ya kolera, kuthira kolorini kapena kuwiritsa kuli pomwepo.

Ndiye agule ndani? Ine ndinganene kuti amene madzi ake apimidwa n'kupitirira 200 ndithu, ali ndi giza kapena sola yotenthetsa madzi, mwina ndi makina ochapira, pampu ali nayo kale, ndipo elementi ikumupsera pafupipafupi. Wa malo ogona alendo, wa saluni, amenewo akhoza kupindula. Koma ngati m'madzi muli chitsulo, ayambe wachotsa chitsulocho, apo ayi chimata timikanda tija n'kutiwononga.

Enafe amene vuto lathu ndi ketulo ndi sopo, njira zotchipa zilipo. M'ketulo thirani viniga ndi madzi mofanana mpaka zoyerazo zimire, mutenthetse pang'ono, musiye ola limodzi, mutsukuluze kawiri. Mandimu amagwiranso, kungoti amachedwerapo. Musapale ndi mpeni, mubowola elementi. Mutu wa shawa masulani, ugone mu viniga usiku umodzi. Giza ikani pa madigiri 60. Mukakweza kuposa apo layimu amachuluka msanga, mukatsitsa kwambiri mumaweta tizilombo m'thankimo. Ndipo giza ikayamba kulira ngati mukuphulika zinthu m'kati, kapena kuchedwa kutentha, itanani apulambala atsegule achotse layimuyo elementi isanapse.

Za kuchapa, kuno mvula sitisowa. Amene muli ndi denga la malata, ikani ngalande ndi mgolo wovundikira bwino kuti udzudzu usaswanemo. Madzi oyamba otsuka fumbi la padenga atayeni, otsatirawo muzichapira ndi kusambira.

Bambo kumbuyoko mumafunsa za timaginito tomanga papaipi tija. Timeneto sitichotsa kashiamu m'madzi. Pimani madzi asanadutse ndi atadutsa, nambala mupeza yomweyo. Amfumu, ine ndalekeza pamenepa, amene abwera ndi mabotolo a madzi abwere nawo kutsogolo kuno tiyese ndi sopo.