Chithunzi chanu chikhoza kuuza mlendo komwe mumakhala: mmene mungachotsere malo musanachitumize

[Wofotokoza wagwira foni, ndipo pafonipo pakuoneka chithunzi cha makina osokera]

Moni nonse. Tiyerekeze kuti mukugulitsa makina osokera. Mwawajambula pabalaza panu, mwalengeza pa intaneti, ndipo munthu amene simukumudziwa wakulemberani pa WhatsApp kuti: "Mayi, zithunzizi sizikuoneka bwino, nditumizireni ngati fayilo." Pempholi ndi lomveka, ndipo ambiri amene amapempha zimenezi sakhala ndi cholinga choipa. Koma mukadina Document n'kutumiza chithunzicho, mwina mwamupatsanso munthuyo malo enieni a nyumba yanu.

Zimachitika chonchi. Foni ikajambula, imasunga chithunzicho pamodzi ndi timawu tobisika m'kati mwa fayilo yomweyo. Timawuti timatchedwa EXIF. Mumakhala mtundu wa foni, tsiku ndi nthawi imene munajambula, ndipo ngati kamera munailola kudziwa malo, mumakhalanso manambala awiri a GPS. Nambala imodzi imanena za kumpoto kapena kumwera, inayo za kum'mawa kapena kumadzulo. Wina akakopera manambalawo n'kuwaika pa mapu, pamatuluka kadontho. Foni ikakhala panja imalozera malo mosaphonya kwambiri, mwina ndi mamita ochepa chabe. M'nyumba imaphonyako ndithu, komabe kadonthoko kamagwera pafupi moti munthu atha kufika n'kuzindikira khomo lanu.

Zimenezi zinachitikapo. Mu Disembala 2012, John McAfee, amene anayambitsa kampani ya mapulogalamu oteteza makompyuta, ankabisala apolisi a ku Belize akumufuna kuti amufunse mafunso. Atolankhani a magazini ya Vice amene anali naye anaika pa intaneti chithunzi chojambulidwa ndi iPhone, osachotsa manambala aja. Pasanathe nthawi anthu anawerenga EXIF n'kuona kuti ali ku Guatemala.

[Pakanema pakuoneka foni, chala chikutsegula chithunzi]

Choyamba, onani ngati zithunzi zanu zili ndi malo. Tsegulani chithunzi chimodzi chimene munajambula nokha kunyumba. Pa iPhone, dinani kachilembo ka i kali m'munsi, kapena kankhirani chithunzicho m'mwamba ndi chala. Pa Android, kankhiraninso m'mwamba kapena fufuzani mawu akuti Details. Mukaona kamapu kapena dzina la dera lanu, ndiye kuti kamera yanu imalemba malo.

Tsopano tiyizimitse. Pa iPhone lowani mu Settings, kenako Privacy & Security, kenako Location Services, pezani Camera, n'kusankha Never. Pa Android mayina amasiyana malinga ndi amene anapanga foni. Pa Samsung, tsegulani kamera, dinani kagudumu ka Settings, zimitsani Location tags. Pa Pixel pamalembedwa Save location. Ngati foni yanu ndi ya mtundu wina ndipo simukupeza mawuwa, pali njira imene ndimaikonda chifukwa imagwira pafupifupi pa Android iliyonse: Settings, Apps, Camera, Permissions, Location, Don't allow. Mukatero kamera siithanso kufunsa foni kuti ili pati. Mapu ndi mapulogalamu ena a maulendo apitiriza kugwira ntchito, chifukwa mwaletsa kamera yokha.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanamizika. Kuzimitsaku kumakhudza zithunzi zimene mujambule kuyambira lero basi. Chithunzi cha makina osokera chija munajambula dzulo, ndipo manambala ake akadali momwemo. Ndiye musankhe: jambulaninso kamera itazimitsidwa malo, zomwe ndi zachidule, kapena chotsani malo pachithunzi chakalecho.

[Chala chikudina batani lotumizira]

Pa iPhone, mukasankha chithunzi n'kudina batani lotumizira, pamwamba pamaoneka Options. Dinani pamenepo, zimitsani Location, kenako tumizani. Dziwani kuti zimenezi zimachotsa malo pa chithunzi chimene chikupitacho, koma chanu chotsala m'foni chimakhalabe nawo, choncho muziyang'ana pamenepo nthawi iliyonse mukamatumiza. Pa mafoni ambiri a Samsung palinso chosankha chotere potumiza kuchokera mu Gallery. Ngati muli pa kompyuta ya Windows, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja, sankhani Properties, kenako Details, kenako Remove Properties and Personal Information.

Amene mumatumiza zithunzi zambiri nthawi imodzi, pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa ExifTool. Lamulo lake, lochotsa malo pa zithunzi zonse za .jpg zimene zili mu foda imene mulimo, ndi ili:

```
exiftool -gps:all= *.jpg
```

Koma samalani, pulogalamuyi imasiya fayilo yakale pambali, dzina lake likuthera ndi _original. Imeneyo ikadali ndi malo, musaitumize molakwitsa.

Njira ina yosavuta kwambiri ndi kutsegula chithunzicho n'kujambula sikirini. Chimene chimatuluka ndi fayilo yatsopano, yopanda manambala a GPS a chithunzi choyamba chija. Chimachepako kuwala ndi kukongola, koma kwa wogula makina osokera n'chokwanira.

Tibwerere kwa wogula uja. N'chifukwa chiyani zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp zilibe vuto, koma za Document zili nalo? Mukatumiza chithunzi mwachizolowezi pa WhatsApp, pulogalamuyo imachichepetsa n'kupanga fayilo yatsopano, ndipo EXIF imatayika. N'chifukwa chake chimafika chosawala kwenikweni. Document imanyamula fayilo mmene ilili, osakhudza chilichonse. Imelo nayo nthawi zambiri imatero, chimodzimodzinso kutumiza ngati fayilo pa Telegram, kapena kupatsa munthu linki ya Google Drive. Facebook ndi Instagram zimachotsa manambalawa pazithunzi zimene anthu ena amaona, ngakhale kampaniyo payokha itha kuwalandira pamene mukukweza chithunzi. Ine sindikulangizani kudalira kuti tsamba lililonse limachotsa. Masamba ang'onoang'ono ogulitsirapo katundu ena amasunga fayilo yonse, ndipo inu simungadziwe poyang'ana chabe.

Kuopsa kwake kumakula zithunzi zikachuluka. Wogula uja akalandira zitatu, chimodzi cha pabalaza chojambulidwa madzulo, china cha kuntchito kwanu masana, china cha mwana pageti la sukulu, wadziwa komwe mumagona, komwe mumakhala masana nyumba ili yokha, ndi komwe mwana amaphunzira. Makanema nawonso amasunga malo, choncho muzisamala nawonso.

Kuchotsa manambala sikubisa zimene maso akuona. Musanatumize, kulitsani chithunzicho muyang'ane m'mbali: chikwangwani cha msewu pawindo, nambala ya galimoto, baji ya yunifolomu, envelopu ya dzina lanu patebulo. Zoterozo zidulenipo, kapena jambulani katunduyo atatsamira khoma lopanda kanthu.

[Wofotokoza akutumiza chithunzi ku imelo yake]

Pomaliza yesani ntchito yanu. Chithunzi chimene mwachotsa malocho, dzitumizireni nokha kudzera njira yomweyo imene mukufuna kutumizira mlendoyo, kaya ndi imelo kaya Document. Chikafika, chisungeni m'foni, chitseguleni, kankhirani m'mwamba. Ngati kamapu sikakuoneka, mutha kutumiza. Ngati kakuonekabe, mwina mwasankha fayilo yakale ija, ndiye bwererani mukasankhe yatsopano.