Makalata a Omvera: Malipiro Awagawa Patatu, Ndapindula Kapena Ndaluza?

"Ndine kalaliki pa esiteti ina ya fodya kuno ku Mtunthama. Ndimalandira K500,000 pa mwezi. Chaka chatha abwana anagawa ndalamayi patatu: besiki K300,000, alawansi ya nyumba K125,000, ya thiransipoti K75,000. Anati atero kuti msonkho uchepe. Msonkhowo sunachepe, koma ya penshoni yomwe amandidula yatsika ndipo m'thumba mukulowa K10,000 yoonjezera. Kodi ndisangalale?"

Bambo a ku Mtunthama, zikomo polemba. Kalata yanuyi ndaiwerenga mpaka mnzanga wa pamakinayu kundifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Musasangalale kaye, kokani mpando.

Tiyambe ndi msonkho, poti ndi umene anakunyengererani nawo. A MRA akamawerengera PAYE sayang'ana dzina lomwe bwana waipatsa ndalama. Ikhale besiki, ikhale ya nyumba, ikhale ya basi, bola yalowa m'manja mwanu ngati ndalama chifukwa cha ntchito, amaiphatikiza yonse n'kudula msonkho pa chiwerengero chonsecho. Nditenge mlingo womwe unayamba mu Epulo 2024 kuti tione masamu ake. K150,000 yoyambirira inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti. Pa K500,000 yanu tichotse K150,000, yatsala K350,000, ndipo 25 peresenti ya imeneyi ndi K87,500. Muigawe patatu, muigawe pakhumi, yankho ndi K87,500 yomweyo. Mlingowu boma limausintha kudzera mu bajeti, choncho onani womwe ukugwira ntchito mwezi uno, koma mfundo yophatikizayo ndi yomweyo.

Pamene zimasiyana ndi pomwe bwana wakupatsani nyumba yeniyeni ya pa esiteti kapena galimoto ya kampani. Apo pali msonkho wina wa zokomera wantchito, ndipo amene amaulipira ku MRA ndi bwanayo, osati inu. Inu sanakupatseni nyumba, anakupatsani ndalama n'kuitcha ya nyumba.

Ndiye kugawako kunathandiza chiyani? Taonani mzere wa penshoni pa peyisilipi yanu. Lamulo la penshoni, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kulembedwanso mu 2023, limati wantchito azisonkha 5 peresenti ndipo bwana aziika yosachepera 10 peresenti. Nkhani yonse yagona pa funso limodzi: peresenti ya ndalama iti? Kale ankawerengera pa K500,000. Inu mumadulidwa K25,000, abwana amaikapo K50,000, ku thumba la penshoni kumapita K75,000 mwezi uliwonse. Lero akuwerengera pa besiki yokha ya K300,000. Inu K15,000, iwo K30,000, zonse pamodzi K45,000.

K10,000 mukuisangalalirayo ndi imeneyo, kusiyana kwa K25,000 ndi K15,000. Ndi ndalama yanu yomwe, yangoleka kupita ku penshoni n'kubwera m'thumba. Koma mbali ya abwana yatsika ndi K20,000, ndipo imeneyo simuiona paliponse, yatsala kwa iwo. Pa chaka ndi K240,000 yomwe aleka kukusungirani, ndipo thumba lanu lonse likuperewera K360,000 chaka chilichonse, osawerengera phindu lomwe ndalamayo ikadabereka pofika tsiku lopuma ntchito. Zili ngati munthu wakutapirani chimanga m'nkhokwe yanu yomwe, inu n'kumuombera m'manja.

Palinso china chomwe anthu ambiri sachidziwa. Lamulo lomweli limakakamiza bwana kulipirira wantchito inshuwalansi ya moyo, yoti akamwalira ali pa ntchito banja lake lilandire ndalama zosachepera malipiro a chaka chimodzi, malipiro omwe aja amawerengerapo penshoni. Pa K500,000 amayi kunyumba akadalandira K6,000,000. Pa K300,000 ndi K3,600,000. Sitikukufunirani zoipa ayi bambo, mukhale ndi moyo mpaka mudzaone zidzukulutudzi, koma masamu ake ndi amenewo.

Tsono kodi abwana ali ndi ufulu wowerengera pa besiki yokha? Mabwana ambiri amatero, ndipo antchito anazolowera mpaka kumayesa ndiye lamulo. Koma lamulo limakamba za malipiro otsimikizika omwe munthu amalandira pa ntchito, n'kupatula zinthu monga nyumba kapena galimoto yomwe bwana wapereka. Ine maganizo anga ndi akuti ndalama yomwe imabwera mwezi ndi mwezi mosaphonya, yofanana, muli pa ntchito kapena pa tchuthi, ndi malipiro otsimikizika ngakhale itavekedwa dzina la nyumba. Yosiyana ndi ija amakupatsani akakutumani ku okushoni ku Chinkhoma kuti mudyere ndi kukwerera. Ija ndi ya ulendo, mwezi wina ilipo mwezi wina palibe.

Chochita ndi ichi. Pezani peyisilipi yakale, isanagawidwe, ndi yatsopano. Pezaninso kalata yomwe munasaina polowa ntchito, muone ngati munalembedwa pa K500,000 ngati malipiro amodzi, chifukwa bwana sayenera kusintha mgwirizano payekha popanda inu kuvomera. Ngati munasaina pepala lina pa nthawi yogawayo osawerenga, apo ndiye mwandikhumudwitsa, kalaliki wathunthu! Kenako pemphani sitetimenti ku kampani yomwe imasunga penshoni yanu. Dzina lake alembi a malipiro akuuzani, ndipo kupempha ndi ufulu wanu. Pa sitetimentiyo onani ndalama yomwe ikulowa mwezi uliwonse, muigawe ndi 15 n'kuchulukitsa ndi 100. Yankho lake ndi malipiro omwe abwana anakauza a penshoni kuti mumalandira. Mukapeza K300,000, alembereni abwana mwaulemu kufunsa chifukwa chake, kope musunge. Zikakanika pitani ku ofesi ya zantchito pa Kasungu boma, komanso dziwani kuti nkhani za penshoni amaziyang'anira ndi a Banki Yaikulu ya dziko lino, ndipo amalandira madandaulo.

Ndilankhuleko pang'ono kwa nonse, chifukwa makalata otere achuluka m'thumba langa. Pa tsiku la malipiro tonse timathamangira mzere wapansi penipeni, uja wa ndalama yolowa ku banki, peyisilipi n'kuipinda kapena kukulungira mandasi. Ndiye munthu amadzafika zaka zopuma, a penshoni n'kumuuza chiwerengero, iye n'kuyamba kunena kuti amulodza. Inunso mabwana, tikudziwa mukumvetsera. Mukafuna kugawa malipiro, auzeni antchito zoona zake, osabisala kumbuyo kwa msonkho.

Mayi a ku Santhe, mukuti pa peyisilipi akudula ya penshoni koma sitetimenti ikuonetsa miyezi ina yopanda kanthu. Mayi, iyi ndi yoopsa kuposa ya ku Mtunthama ija. Bwana akadula amayenera kutumiza pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Tengani mapepala onse awiri mukadandaule, musadikire kuti chaka chithe.

Achimwene a ku Nkhamenya akufunsa ngati alawansi ya thiransipoti imaleka kudulidwa msonkho munthu akamapita ku ntchito pa njinga yakapalasa. Ayi achimwene, a MRA safunsa kuti mwabwera bwanji. Palasani bwino, koma msonkho ulipo.

Achemwali a ku Chamama mwangoyamba kumene ntchito, ndipo akupatsani mwayi wosankha pakati pa besiki yaikulu ndi maalawansi ambiri pa ndalama yofanana. Sankhani besiki yaikulu. M'malo ambiri akamakweza malipiro ndi peresenti amawerengeranso pa besiki yomweyo, maalawansi n'kutsala pomwe anali.