Magetsi akufika ochepa kumapeto kwa waya wautali: yezani motere

Moni nonse amene mukumvetsera. Lero ndiyankhe dandaulo lomwe amisiri anzanga amabwera nalo kawirikawiri, lakuti batire ndi lodzadza bwinobwino koma chipangizo chomwe chili kutali chikugwira ntchito mwaulesi. Musathamangire kukagula batire lina. Nthawi zambiri magetsiwo akuthera m'njira, mu waya momwemo. Tengani cholembera tiwerengere limodzi.

Tiyerekeze kuti muli ndi batire la mavolti 12, ndipo mwaika hita ya mawati 60 pa mtunda wa mamita 30. Waya mwakoka wa kopa, wa mamilimita 1.5, uja woonda. Choyamba chomwe ambiri amaphonya ndi ichi: magetsi amapita pa waya umodzi n'kubwerera pa winawo. Ndiye ulendo wake si mamita 30 ayi, ndi mamita 60. Lembani 60.

Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo kukanizako timakuyeza m'maomu. Pa kopa timawerengera chonchi:

```
R = 0.0175 × L / A
```

L ndi kutalika konse m'mamita, kupita ndi kubwera, A ndi kunenepa kwa wayayo m'masikweya milimita, nambala ija imalembedwa pa chikutiro chake. Kwa ife, 0.0175 kuchulukitsa ndi 60, kugawa ndi 1.5, tikupeza maomu 0.7. Ikuoneka yochepa, eti? Dikirani muone. Hita ija payokha ili ndi maomu 2.4. Popeza waya ndi hita zalumikizana mondondozana, tiphatikiza, zikhala 3.1. Gawani mavolti 12 ndi 3.1, mupeza kuti akuyenda maampu pafupifupi 3.9, pomwe hitayo inapangidwira maampu 5.

Tsono wayayo akudya gawo lake, mavolti 2.7. Pa hita pakufika 9.3 basi.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa wina anena kuti, aa, mavolti osakwana atatu okha, vuto lili pati? Mphamvu ya chipangizo ngati hita ndi mavolti kuchulukitsa ndi maampu, ndipo zonse ziwiri zatsika nthawi imodzi. 9.3 kuchulukitsa ndi 3.9, mawati 36. Munagula hita ya mawati 60, mukulandira 36. Mavolti atsika ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo anayi, koma kutentha kwatsika ndi magawo awiri mwa asanu. Mawati ena 10 akungofunditsa waya panjira, batire n'kumatha pachabe. Zimandiwawa kuona munthu akutaya ndalama pa batire latsopano pa vuto lotere.

Mudziwa bwanji kuti ndi waya? Tengani maltimita, muyatse hitayo, ikhale ikugwira ntchito. Ndibwerezenso, ikhale yoyaka. Mukayeza itazima mupeza mavolti 12 athunthu kumapetoko, chifukwa ngati magetsi sakuyenda palibe chomwe waya angadye, ndipo mudzanamizika kuti zonse zili bwino. Ili chiyakire, yezani pa mitu ya batire, kenako pitani mukayeze pa mitu ya hita. Kusiyana kwa nambala ziwirizo ndiye magetsi otayika. Ngati pa batire pomwepo mavolti agwa mutangoyatsa, pamenepo batire ndilo lafooka. Ngati kusiyanako kwaposa zomwe mwawerengera papepala, tsatani waya yense mufufuze polumikiza. Pomwe anangopotokola mawaya n'kukulunga tepi, kapena pomwe pachita dzimbiri, pamakhala pofunda kuposa pena ponse. Zimitsani, mupale, mumange ndi cholumikizira chenicheni.

Kukonza kwake, ngati n'kotheka sendezani batire pafupi ndi chipangizo, ndiyo njira yotsika mtengo. Zikakanika, ikani waya wonenepa. Wa mamilimita 6 pa mtunda womwewo uli ndi maomu 0.175, pa hita pafika mavolti 11.2, mawati 52. Wa mamilimita 10 ukupatsani mawati 55. Njira ina ndi kukweza mavolti. Mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke 24, ndi hita ya mawati 60 yopangidwira mavolti 24, pa waya woonda womwe uja, mupezanso mawati 52, chifukwa maampu oyenda achepa. Koma musalumikize hita ya 12 ku mavolti 24, ipsa.

Chenjezo kwa inu a mapampu ndi mainiveta: zipangizo zimenezi sizichita ngati hita. Iniveta ikalandira mavolti ochepa imakoka maampu ambiri kuti ikwanitse ntchito yake, waya n'kudyanso zochuluka, mpaka imalira n'kuzima yokha. Mota nayo poyamba kuzungulira imakoka maampu ochuluka kuposa ikamayenda, ndiye imatha kungolira osazungulira, kwinaku ikutentha. Pa zimenezi yezani mavolti pa nthawi yeniyeni yomwe ikulizidwa, ndipo posankha waya tengani wonenepa kuposa womwe masamu akupatsani.